Kodi tidikire mkwiyo uthe kuti tipemphere limodzi?

Pali chinthu chodabwitsa chimene ambiri a ife amene tili pabanja tachiona. Pamsonkhano wa mapemphero pamakhala anthu khumi kapena makumi awiri, ndipo buku likatifika timawerenga pemphero bwinobwino, mawu osanjenjemera. Koma tikabwerera kunyumba, ana atagona, tatsala awiriwiri, mawu akuti "tiyeni tipemphere" amalemera ngati mtondo. Munthu amene timadya naye m'mbale imodzi ndi kufunda naye bulangete limodzi ndi amene timachita naye manyazi koposa. Ndipo tsikulo likakhala loti tinasemphana mawu, maganizo oti tipemphere limodzi safika n'komwe. Aliyense amatembenukira kukhoma kwake, n'kumadziuza mumtima kuti adzayamba zinthu zikadzakhala bwino.

Funso limene tikufuna kulingalira m'phunziro lino lagona pamenepo. Kodi ndi bwino kudikira kuti manyazi athe ndi mlandu ukambidwe, kenako n'kuyamba kupemphera limodzi? Kapena tikhale pansi ndi kupemphera mitima ikadali yowawa? Tikachita chachiwirichi, kodi sitikhala achiphamaso pamaso pa Mulungu? Funsoli si lopepuka, ndipo amene amadikira sikuti alibe nzeru. Koma tikaliunika bwino tiona kuti kudikira kumakhazikika pa kusamvetsa chimene kupemphera limodzi kuli.

Chimene lamulo likunena ndi chimene silinena

Tiyambe ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene timazisakaniza kawirikawiri. Bahá'u'lláh anatipatsa mapemphero atatu a lamulo, ndipo munthu amasankhapo limodzi tsiku lililonse. Lalifupi limanenedwa kamodzi, dzuwa likapendeka mpaka lisanalowe. Lapakati limanenedwa katatu: m'mawa, masana ndi madzulo. Lalitali limanenedwa kamodzi pa maola 24, nthawi imene munthu wasankha. Mapemphero amenewa munthu amawanena payekha, atasamba m'manja ndi kumaso, atayang'ana ku Bahjí pafupi ndi mzinda wa Akká, kumene kuli manda a Bahá'u'lláh. Sanenedwa ndi gulu motsogozedwa ndi munthu mmodzi. Pemphero lokhalo limene lamulo linakhazikitsa kuti mmodzi anene ena onse ataimirira chete ndi la pamaliro. Choncho mwamuna satsogolera mkazi wake pa pemphero la lamulo, ndipo mkazi sanenera mwamuna wake. Limeneli ndi la munthu ndi Mlengi wake.

Chinthu chachiwiri chili m'buku la Kitáb-i-Aqdas, limene linavumbulutsidwa ku Akká cha m'ma 1873. M'menemo tikulamulidwa kuwerenga Mawu a Mulungu m'mawa ndi madzulo alionse. Lamuloli silinena kuti tiwerenge masamba angati. Likutichenjeza kuti tisalemetse mizimu yathu ndi kuwerenga kotopetsa, ndipo likutiphunzitsa kuti ndime imodzi yowerengedwa ndi chimwemwe iposa mabuku ambiri owerengedwa monyinyirika. Kuwerenga kumeneku, pamodzi ndi mapemphero ena ambirimbiri amene ali m'mabuku athu, tingathe kukuchita tokha kapena ndi ena. Apa ndi pamene pali malo a mwamuna ndi mkazi.

Tiyeneranso kunena mosabisa kuti palibe lamulo lokakamiza okwatirana kupemphera limodzi tsiku lililonse. Banja limene silichita zimenezi silinaphwanye lamulo. Mfundo imeneyi imatimasula. Chinthu chimene si lamulo sitingachigwiritse ntchito ngati chikwapu chomenyera mnzathu, n'kumati iye ndi wofooka m'chikhulupiriro. Tingathe kungoitana, ndipo woitanidwa ali ndi ufulu woyankha kuti "lero ayi."

Manyazi amachokera kuti

Tikaganizira bwino, manyazi athu ali ndi mizu yodziwika. Woyamba ndi wakuti mnzathu wa m'nyumba amatidziwa. Anthu a kumsonkhano amationa titavala bwino, kwa ola limodzi. Mkazi wathu kapena mwamuna wathu anatimva m'mawa tikukalipira mwana chifukwa cha sopo, anationa tikubisala kwa munthu amene tili naye ngongole. Tsono timaopa kuti tikatsegula pakamwa kutchula dzina la Mulungu, iye aziti mumtima, "Taonani woyera mtima uja."

Muzu wachiwiri ndi chizolowezi chimene tinakula nacho. Ambiri a ife tinakulira m'makomo mmene kupemphera kunali kulankhula mawu ochokera m'mutu, ataliatali, osanjidwa bwino, ndipo wopemphera anali bambo kapena mkulu wa mpingo. Amene alibe luso la kulankhula amadziona ngati sadziwa kupemphera. Mayi amene anakula akuona amuna okha akutsogolera amamva ngati akulanda udindo akayamba iye. Bambo naye amene sanapite patali ndi sukulu amaopa kudodoma powerenga pamaso pa mkazi wake amene amawerenga msanga.

Kupemphera ndi mawu athuathu sikuletsedwa, ndipo mtima ukasefukira munthu amalankhula ndi Mulungu mmene angathere. Koma kwa okwatirana amene akuyamba kumene, mapemphero ovumbulutsidwa ndi chithandizo chachikulu, chifukwa amachotsa mizu yonse iwiri ija. Tikawerenga pemphero la Bahá'u'lláh, la Báb kapena la 'Abdu'l-Bahá, sitikuonetsa luso lathu, pakuti mawuwo si athu. Sitikudzitchanso oyera, chifukwa ambiri mwa mapempherowa amaika m'kamwa mwathu mawu ovomereza kuti ndife osauka, ofooka ndi osowa chikhululukiro. Munthu amene akuvomera kufooka kwake sanganenedwe kuti akudzionetsera ndi mnzake amene amadziwa kale kufookako. Ndipo popeza m'chipembedzo chathu mulibe ansembe kapena abusa, m'nyumba namonso mulibe mmodzi amene ali wansembe wa mnzake. Tsiku la ukwati, pamaso pa mboni ziwiri, mkwati ndi mkwatibwi onse amanena ndime imodzimodzi, mawu ofanana, palibe wowonjezera kapena wochepetsa. Pamkeka wa mapemphero tikungopitiriza chimene tinayamba tsiku limenelo.

Mayambidwe ake

Tsono timayamba bwanji? Choyamba, nkhaniyi tisaiyambitse usiku pabedi, kapena pamene tangokangana kumene. Tiitchule masana, manja ali pa ntchito, potongola chimanga kapena pobwera kumsika, pamene maso sakuyang'anizana. Mawu ake akhale opempha thandizo, osati odzudzula. Kunena kuti, "Bambo, ine kuwerenga kwa madzulo ndimaiwala, bwanji muzindithandiza tiziwerenga tonse?" kumatsegula khomo. Kunena kuti, "Inu simupemphera masiku ano," kumalitseka ndi mpiringidzo.

Chachiwiri, tisankhe nthawi imodzi ndi kuimangirira ku chinthu chimene timachita kale tsiku lililonse. Kungoti "madzulo" sikukwanira, chifukwa madzulo amatha tikudikirana. Tinene kuti tikatseka chitseko cha panja, kapena madzi a tiyi akakhala pamoto m'mamawa ana asanadzuke. Pa nyumba imene mmodzi amagwira ntchito ya usiku, kapena amalawirira kudimba, nthawi yabwino ndi imene onse awiri amakhala ali maso ndithu, ngakhale ikhale yachilendo kwa ena.

Chachitatu, tiyambe ndi zochepa kwambiri: ndime imodzi ndi pemphero limodzi, mphindi zitatu kapena zisanu. Mmodzi awerenge ndime, wina anene pemphero, mawa lake asinthane. Buku la Mawu Obisika, limene Bahá'u'lláh anavumbulutsa ku Baghdad mu 1858, limathandiza pa ntchito imeneyi, chifukwa ndime zake ndi zazifupi ndipo iliyonse ndi yokwanira payokha. Gawo lochokera ku Chiarabu lili ndi ndime 71, lochokera ku Chiperisiya lili ndi 82. Banja lowerenga imodzi patsiku lili ndi chakudya cha miyezi isanu. Mtima ukatentha tsiku loyamba timafuna kuwerenga mapemphero asanu ndi kuimba nyimbo zitatu, koma moto wa mapesi sukhalitsa. Chimene tingachikwanitse tsiku lotopa kwambiri ndicho muyeso woyenera wa masiku onse.

Wamanyazi asakakamizidwe kuwerenga. Sabata yoyamba angathe kungokhala pambali ndi kumvetsera, ndipo kukhalako ndi kupemphera kale. Amene sadziwa kuwerenga, kapena maso anayamba kuvuta, aloweze pemphero lalifupi. Pemphero la Báb lopempha Mulungu kuti achotse zovuta ndi la mizere yochepa, ndipo munthu amaliloweza msanga. Ena mawu olankhula amawakanika koma nyimbo imatuluka yokha, tsono aimbe pemphero monga timachitira kumisonkhano. Chinthu chimodzi chokha tipewe ndithu: kukonza mnzathu pakati pa pemphero. Akaphonya katchulidwe ka mawu, Mulungu wamva. Munthu wamanyazi akadzudzulidwa kamodzi pa nthawi ngati imeneyi, mwina papita mwezi asanatsegulenso pakamwa.

Pomaliza, tikhale chete kamphindi, kenako tidzuke. Si nthawi yofunsana kuti wamvapo chiyani, ndipo si nthawi yoyambitsa nkhani ya ndalama. Pa mapemphero amenewa palibe kakhalidwe kolamulidwa kapena mbali yoyang'ana. Chofunika ndi ulemu basi: wailesi izimitsidwe, foni ikhale patali, tikhale tsonga.

Pamene mlandu ukadalipo

Manyazi amatha ndi kuzolowera. Mkwiyo ndi nkhani ina, ndipo tiyeni tiuone mu chitsanzo chongoyerekeza, koma chimene ambiri tichizindikira. Banja lina lagulitsa mtedza. Anagwirizana kale kuti ndalamazo zigule malata, chifukwa denga likudontha kuchipinda kwa ana. Ndalama zili m'manja mwa bambo, mlongo wawo akuimba foni kuti mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Bambowo, monga malume, akutumiza K60,000 tsiku lomwelo osauza akazi awo. Mayi akudzazindikira patapita masiku atatu, powerenga zotsala. Mawu akutuluka. Mayi akuti, "Ine m'nyumba muno ndine waganyu, wolima basi." Bambo akuti, "Inu abale anga simuwafuna." Kuyambira pamenepo nsima ikuphikidwa, madzi osamba akuikidwa kubafa, koma zolankhula zikudutsira mwa ana: "Kawauze bambo ako chakudya chapsa."

Banja limeneli linali litayamba kuwerenga limodzi akatseka chitseko. Usiku umenewo chitseko chatsekedwa. Achite chiyani?

Mawu oyamba amene amabwera mumtima ndi akuti tisiye kaye, chifukwa kupemphera uli ndi mkwiyo ndi chinyengo. Maganizo amenewa ali ndi maziko. Ambiri tikukumbukira chiphunzitso cha Yesu Khristu mu Mateyu chaputala 5, chakuti munthu wobwera ndi chopereka akakumbukira kuti mbale wake ali naye chifukwa, ayambe wapita kukayanjana naye. Mulungu sanyengeka ndi milomo. Ndipo tonse tinaonapo mabanja amene amaimba mokoma pagulu koma kunyumba salankhulana chaka chathunthu. Palibe amene akufuna kukhala otero.

Koma tiyang'anitsitse. Chiphunzitso chija chikufulumizitsa munthu kuti akayanjane, sichikumupatsa chilolezo choti asiye kupemphera sabata zitatu akudikira kuti wina ayambe kupepesa. Ife tikamati tidikire, kawirikawiri sitithamangira kukayanjana. Timangosiya zonse ziwiri, kuyanjana ndi kupemphera komwe. Ndipo pali choipa china chobisika. Tikasiya kupemphera limodzi chifukwa chokwiya, pemphero lasanduka chinthu chimene timamana mnzathu pomulanga, monga mmene ena amamanira mnzawo chakudya kapena moni. Tatenga cha Mulungu n'kuchiika m'gulu la zida zathu.

Nanga chinyengo chija? Chinyengo ndi kunena chimene sichili choona. Mayi uja akakhala pamkeka pafupi ndi amuna awo, sakunena kuti nkhani ya malata yatha, kapena kuti bambo sanalakwe. Akunena chinthu chimodzi chokha, ndipo ndi choona: kuti awiriwo ali ndi Mlengi mmodzi, ndi kuti ukwati wawo ndi waukulu kuposa mlandu wa sabata ino. 'Abdu'l-Bahá anatiphunzitsa kuti pemphero ndi kucheza ndi Mulungu. Pamkeka paja mayi sakulankhula kwa bambo, ndipo bambo sakulankhula kwa mayi. Onse awiri akulankhula kwa Wina, aliyense akumva mnzake akupempha chifundo. Munthu wodwala sadikira kuti achire kuti apite kuchipatala. Ngati pemphero ndi la mitima yoyera yokha, palibe wa ife amene akanapempherapo.

Tsono usiku woyamba uja angachite motere. Mmodzi, amene mtima wake wapola pang'ono, atenge buku ndi kukhala pamalo pa masiku onse. Anene mawu ochepa: "Nkhani ija sinathe, ndikudziwa. Tiikamba. Koma nthawi yakwana, ine ndiwerenga." Mnzake akabwera, awerenge ndime imene yafika pa tsikulo, osati ina. Akakana, wowerengayo asaumirize, asaguse mpando, asawerenge mokweza kuti mawu akafike kuchipinda. Awerenge motsitsa, payekha, ndipo mawa aitanenso ndi mawu omwewo. Ngati onse awiri akhala pansi koma pakhosi pamangika, angathe kukhala chete limodzi mphindi ziwiri, aliyense akunena pemphero mumtima, kenako n'kudzuka. Pa tsiku lotere zimenezo zakwana.

Chimene pemphero limachita pamenepa n'chochepa koma n'chenicheni. Silibweza K60,000, ndipo silimata denga. Limangoletsa kuti kusalankhulana kuume n'kukhala chizolowezi. Anthu awiri amene akhala pamkeka umodzi usiku uliwonse zimawavuta kupitiriza kutumizirana mauthenga kudzera mwa ana. Komanso munthu amene wamva mawu ake omwe akupempha Mulungu kuti amukhululukire amayamba kuona mbali yake ya mlandu. Bahá'u'lláh anatilangiza kuti tizidziwerengera tokha ntchito zathu tsiku lililonse, tsiku la kuwerengeredwa lisanafike. Bambo uja angayambe kuona kuti cholakwa sichinali kuthandiza mphwake, koma kuchita yekha chinthu chimene chinali cha awiri. Mayi angayambe kuona kuti mawu ena amene ananena za alamu awo anapitirira muyeso.

Pemphero sililowa m'malo mwa kupepesa

Apa pali dzenje lina limene tiyenera kulizemba. Akuluakulu anati mlandu suwola. Bambo uja angaganize kuti popeza apemphera limodzi masiku atatu, ndipo mayi ayambanso kuseka, nkhani yatha yokha. Sinathe. Yangokwiriridwa, ndipo idzafukuka pa mkangano wotsatira, ili ndi chiwongoladzanja.

Ena a ife timasokonezekanso ndi lamulo lina. Bahá'u'lláh analetsa kuulula machimo kwa munthu mnzathu pofuna chikhululukiro cha Mulungu, chifukwa wokhululukira machimo ndi Mulungu yekha. Koma lamulo limeneli sililetsa kupepesa kwa munthu amene tamulakwira. Kulapa pamaso pa Mulungu ndi kwina, kunena kwa mkazi wako kuti "Mayi, ndinalakwa potumiza ndalama zija osakuuzani, pepani" ndi kwina, ndipo chachiwirichi palibe pemphero limene lingatinenere.

Njira imene tapatsidwa yothetsera nkhani ndi kukambirana. Nyumba ya Chilungamo ya Dziko Lonse inafotokoza kuti m'banja, mmene muli anthu awiri okha, nkhani singathe ndi kuchuluka kwa mavoti monga pa bungwe. Choncho nthawi zina mwamuna ayenera kutsata maganizo a mkazi wake, nthawi zina mkazi atsate a mwamuna wake, ndipo palibe amene ayenera kupondereza mnzake. Banja lathu lija lisankhe nthawi ina, yosiyana ndi ya mapemphero a tsiku ndi tsiku, mwina Loweruka masana ana ali kosewera. Ayambe ndi pemphero lalifupi, kenako aike zoona zake poyera: ndalama zinalipo zingati, zatsala zingati, malata akufunika angati mvula isanagwe, mwana wa mlongo uja teremu yamawa adzamulipirira ndani. Mwina agwirizana kuti agule malata a chipinda cha ana chokha, ndi kuti kuyambira tsopano ndalama yopita kwa abale a mbali iliyonse idziyamba yakambidwa ndi onse awiri. Chigamulo chotere ndicho chimatseka mlandu. Pemphero la usiku uliwonse linangowasunga pafupi mpaka atafika pamenepo.

Chifukwa chosiyanitsa nthawi ziwirizi n'chosavuta kumva. Ngati mapemphero a madzulo amathera mu mlandu, amene akudziwa kuti ndi wolakwa ayamba kuwathawa. Adzachedwa dala kugolosale, kapena adzagona msanga. Mkeka wa mapemphero uyenera kukhala malo amodzi m'nyumba amene munthu akudziwa kuti sazengedwapo mlandu.

Zizindikiro zakuti zapotoka

Tingadziwe bwanji kuti kupemphera kwathu kwasanduka chinthu china? Chizindikiro choyamba ndi kusankhira mnzathu ndime. Mayi atsegula buku n'kufunafuna ndime yonena za kukhulupirika pa chuma, n'kuiwerenga motsindika, diso lili kwa bambo. Bambo mawa lake abwezera ndi ndime yonena za lilime. Amenewo si mapemphero, ndi mkangano womwe uja wavala zovala za kumsonkhano. Mankhwala ake ndi aja tatchula: kuwerenga motsatana, ndime ya lero lero, ya mawa mawa. Ikapezeka kuti ikulasa mmodzi wa ife, palibe amene anaisankha. Ndipo ndime iliyonse tiimve ngati ikunena za ife eni, osati za amene wakhala pambali.

Chachiwiri ndi kupempherera mnzathu mokweza iye ali pomwepo, ndi mawu onga akuti Mulungu amusinthe mtima wake wouma. Kupempherera mwamuna kapena mkazi wathu n'kwabwino, koma kuchitike mseri. Kumuneneza kwa Mulungu iye akumva ndi kumuchititsa manyazi pamalo pamene sangayankhe.

Chachitatu ndi kuwerengetsera. Mmodzi amasunga mumtima kuti mwezi uno waitana kakhumi, mnzake sanaitanepo. Nthawi zambiri m'banja mmodzi ndiye amakumbukira, monga mmene mmodzi amakumbukirira kutseka nkhuku. Zimenezo sizimupanga kukhala wauzimu kuposa mnzake. Tikaphonya tsiku, kapena sabata yonse chifukwa cha maliro kapena matenda, tingoyambiranso pamene tinalekezera popanda kufufuza amene anachititsa.

Chachinayi ndi kukanena kunja. Tikayamba kuuza anzathu kuti "akwathu aja pa mapemphero ndi aulesi," tagwa m'miseche, imene Bahá'u'lláh anailetsa kolimba, ndipo mnzathuyo akadzamva sadzakhalanso nafe pamkeka momasuka. Ngakhale m'gulu lathu lino la maphunziro, tikambe za ife eni, osati za amene sali pano.

Malire ake

Zonse tanenazi zikunena za mikangano ya masiku onse, ya anthu awiri amene amalemekezana ngakhale akwiyitsana. Pamene pali kumenya, kuopseza kapena kukakamiza, nkhani ndi ina. Palibe amene ayenera kuuzidwa kuti angopemphera ndi kupirira pamene moyo wake kapena wa ana uli pangozi, ndipo womenya asagwiritse ntchito pemphero la madzulo ngati chofufutira zimene wachita masana. Nkhanza m'banja ndi zotsutsana kotheratu ndi chiphunzitso cha Bahá'u'lláh. Wochitiridwa nkhanza afune chitetezo kwa abale odalirika ndi kwa apolisi, ndipo Bungwe Lauzimu la m'dera lidziwitsidwe. Ngakhale popanda nkhanza, mlandu ukakana kutha pakati pa awiri, kupita kwa ankhoswe kapena kupempha uphungu kwa Bungwe Lauzimu si kulephera kwa pemphero.

Ambiri a ife tilinso pabanja ndi a chipembedzo china, Akhristu kapena Asilamu, kapena amene sapemphera n'komwe. Apa kuitana kukhale kofewa koposa. Ngati mnzathu avomera, aliyense abwere ndi cha kwawo: wina salimo kapena ndime ya m'buku lake loyera, wina pemphero la m'buku lathu. Nthawi imeneyi isakhale msampha womukokera ku chipembedzo chathu, chifukwa akazindikira kuti ndi msampha adzakhala ndi chifukwa chomveka chokanira. Akakana, tipemphere tokha mwakachetechete, ndipo chikondi chathu kwa iye chisachepe ndi pang'ono pomwe.

Tibwerere ku funso lathu. Tikadikira kuti manyazi athe, sadzatha, chifukwa chimene chimawathetsa ndi chomwecho tikuchizengerezacho. Tikadikira kuti mkwiyo uthe, tidzapemphera limodzi masiku okhawo amene zinthu zili bwino, ndipo masiku amene tikusowa thandizo kwenikweni aliyense adzakhala kukhoma kwake. Kukhala pansi limodzi mlandu usanathe si kunama, malinga ngati tikuvomereza kuti mlanduwo ulipo ndipo taika tsiku loukamba. Chimene chingakhale kunama ndi kupemphera kuti tisaukambe.

Tisanatseke phunziro la lero, aliyense alingalire mumtima mafunso awa, ndipo amene akufuna anene maganizo ake. M'nyumba mwathu, ndi chinthu chiti chimene chimachitika tsiku lililonse, onse awiri tilipo, chimene tingamangirirepo mphindi zisanu? Tikakwiya, ndi zinthu ziti zimene timamana mnzathu, ndipo kodi pemphero lili m'gulu limenelo? Kodi pali mawu opepesa amene takhala tikuyembekeza kuti pemphero litinenera? Amene sitili pabanja tingafunse mafunso omwewa za mayi, mchemwali kapena mchimwene amene timakhala naye nyumba imodzi.